Kuuza wamasiye kuti "mukafuna kanthu mundiuze", kapena kutchuliratu chimene muchite?

Funso: "Achimwene anga anatisiya masabata asanu apitawo, ndipo alamu anga atsala ndi ana atatu kumudzi ku Dedza. Tsiku lobalalika ndinawauza kuti akafuna chilichonse andiimbire ku Lilongwe kuno, koma mpaka lero sanaimbe. Ndikawaimbira ine amangoti, 'Tilipo, kaya ndinene chiyani, sindikudziwa.' Amuna anga akuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiwadikire. Ine mtima ukundiuza kuti ndingogula feteleza n'kutumiza, poti mvula yayandikira. Chabwino n'chiti?"

Pepani kwambiri mayi chifukwa cha imfa ya achimwene anu. Pa zaka zimene ndakhala ndikuyendera mabanja oferedwa ndi osamalira odwala kunyumba, ndaona kuti munthu amene sakudziwa chimene akusowa amathandizika msanga mukamutchulira chinthu chimodzi chimene mwakonzeka kuchita, pamodzi ndi tsiku lake, kusiyana ndi kumusiyira khomo lotsekula kuti adzalowe akadzaganiza. Choncho musadikire foni. Komanso musathamangire kukweza matumba a feteleza pa minibasi, chifukwa kutchula thandizo ndi kungolichita popanda mwiniwake kuvomera ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chachiwiricho chili ndi mavuto ake amene ndiwafotokoza.

Tiyambe ndi mawu amene munanena tsiku lobalalika lija. Ndi mawu abwino, ndipo sindikukayika kuti anachokera pansi pa mtima. Koma taonani ntchito imene mawuwo amasenzetsa wowamva. Kuti alamu anu akuimbireni, ayenera kuyamba akhala pansi n'kuunika moyo wawo wonse kuti aone pamene pagumuka. Akapeza zinthu khumi, ayenera kusankhapo chimene chikuyenera inuyo, osati abusa, osati atsibweni awo, osati mnansi wa nyumba yapafupi. Kenako ayenera kulosera za thumba lanu, poti sakudziwa ngati "chilichonse" chanucho chikufika pa fizi ya mwana wa kusekondale kapena chikuthera pa sopo ndi mchere. Akatha zonsezo ndiye kuti agule mayunitsi, aimbe, ndipo atsekule pakamwa kupempha. Munthu amene akugona tulo tabwino ndiponso akudya bwino angathe kudutsa makwerero onsewa tsiku limodzi. Mayi amene wangoika mwamuna wake m'manda amakakamira pa khwerero loyamba penipeni.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mawu awo akuti "sindikudziwa" muwatenge monga momwe alili. Ambiri timawamva ngati ulemu, kapena ngati njira yotikanira mofatsa, koma nthawi zambiri amakhala akunena zoona zenizeni. Chisoni cha masabata oyamba chimasokoneza tulo, chimachepetsa chilakolako cha chakudya, ndipo chimachititsa munthu kuiwalaiwala ndi kulephera kukhazikitsa maganizo pa chinthu chimodzi. Amatha kulowa m'nyumba n'kuima pakati osakumbukira chimene amadzatenga. Pamwamba pa zimenezo pali chinthu china chimene anthu sachiganizira kawirikawiri. M'banja ntchito zimagawika mwakachetechete, ndipo zina zimene achimwene anu ankachita, alamu anu mwina sankaziona n'komwe kuti ndi ntchito. Amene ankakambirana mtengo ndi aganyu, amene ankadziwa kuti denga likudontha pakona iti, amene ankasunga manambala achinsinsi a ndalama za pafoni, amene ankakumbukira tsiku lothira mankhwala m'chimanga kuti chisafumbwe, angakhale anali malemuwo. Kusowa kwa zinthu zotere sikuoneka pa tsiku la maliro. Kumatulukira tsiku limene mvula yoyamba yagwa usiku n'kunyowetsa mphasa ya ana. Munthu sangakuuzeni lero za vuto limene iye mwini adzalizindikira mwezi wa mawa.

Mwambi umene amuna anu anena ndi woona pa malo ake, ndipo sindikuutsutsa. Koma wamva m'mimba uja amadziwa pamene pakupweteka, ndipo amadziwanso kumene kuli chitseko. Alamu anu akumva kupweteka thupi lonse, ndipo zitseko zawachulukira. Ndiponso mwambo wathu womwewo, ikafika nthawi ya maliro, sudikira kuti woferedwa apemphe. Palibe amene amafika pasiwa n'kunena kuti, "Mukafuna manda mundiuze." Adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu, amayi amatunga madzi n'kukoleza moto, anyamata amawaza nkhuni, amfumu amalengeza dongosolo, ndipo wolemba chipepeso amakhala kale ndi kope lake. Namfedwa amangokhala pamphasa n'kulira, poti aliyense akudziwa gawo lake popanda kufunsa. Makolo anadziwa kuti munthu wosweka mtima sapatsidwa udindo woyendetsa anthu omuthandiza. Vuto n'lakuti dongosolo limeneli limatha anthu akabalalika, pamene kusokonezeka kwa mutu wa wamasiye kumapitirira kwa miyezi, ndipo m'malo mwa dongosolo lija timangosiya chiganizo chimodzi chija chakuti "mutiuze".

Palinso nkhani ya manyazi opempha. Ofufuza awiri a ku America, Francis Flynn ndi Vanessa Bohns, anafalitsa mu 2008 zotsatira za kafukufuku amene anatuma anthu kukapempha alendo tinthu ting'onoting'ono, monga kuyankha mafunso a papepala kapena kubwereka foni. Asanapite, anthuwo ankafunsidwa kuti akuganiza kuti apempha anthu angati kuti apeze asanu ovomera kuyankha mafunsowo. Ankalosera kuti pafupifupi 20, koma zoona zake anangofunika kupempha pafupifupi 10. Tanthauzo lake n'lakuti wopempha amayembekezera kukanidwa kuposa mmene zimakhaliradi. Ngati zili choncho kwa munthu wopanda chisoni amene akupempha kanthu kosalira ndalama, nanga bwanji mayi wamasiye amene akufuna kupempha ndalama kwa akuchimuna? Kumbukirani kuti ubale wanu ndi alamu anu unkadutsa mwa achimwene anu. Tsopano mlathowo wachoka, ndipo iwo sakudziwa kuti aima pati m'banja mwanu. Akuopa kuti akapempha msanga mudzati ayamba kutolera, akapempha chachikulu mudzati akukutengani ngati banki, ndipo akapempha kawiri mudzayamba kusayankha foni. Onjezerani apo kuti mawu akuti "chilichonse" anawamva kwa anthu mwina makumi atatu tsiku lomwelo, ndipo akudziwa bwino kuti ambiri anangonena pokwaniritsa mwambo. Alibe njira yodziwira kuti anu ndi osiyana ndi enawo, pokhapokha inu mutawaonetsa.

Ndikumbukira mayi wina amene ndinamuyendera patatha mwezi chimwalirire mwamuna wake. Tinakhala pakhonde, ndipo ndili pomwepo panafika anthu awiri motsatizana. Woyamba anali bambo wolemekezeka, amene anapepesa bwino kwambiri, n'kumaliza ndi mawu akuti pakakhala vuto lililonse asazengereze kutumiza mwana. Mayiyo anaomba m'manja mwaulemu, nati zikomo, maso ali pansi. Bamboyo atapita, panatulukira mayi wa nyumba yachitatu, wosauka kuposa onse, atasenza dengu lake la chimanga. Sanakhale pansi n'komwe. Anangoti, "Ndikupita kuchigayo. Ufa mwatsala nawo wotani? Tandipatsani chimanga chanu ndikagayitsire limodzi." Wamasiye uja anadzuka, analowa m'nyumba, ndipo ndinamumva akutsekula ndowa. Anatuluka akudabwa yekha, nati, "Koma wathadi, watsala wa lero lokha." Sanali kubisa kanthu kwa bambo woyamba uja, iye mwini sankadziwa kuti ufa watha mpaka wina atamutchulira dzina la chinthucho. Kuyambira tsiku limenelo ndinamvetsa kuti thandizo lotchulidwa limagwira ntchito ziwiri. Limachepetsa katundu, komanso limakhala ngati funso losavuta limene limathandiza munthu kuona chosowa chake. Kufunsa munthu kuti "mukusowa chiyani" kuli ngati kumupatsa pepala loyera kuti alembe. Kumufunsa kuti "ufa ulipo" n'kumupempha kuti angoti inde kapena ayi, ndipo mutu wotopa umakwanitsa chachiwirichi.

Tsopano tibwere ku feteleza wanu. Maganizo anu ali ndi nzeru, chifukwa nyengo siidikira chisoni, ndipo banja limene laphonya mvula yoyamba limadzalira kawiri, pa maliro ndiponso mu Febuluwale nkhokwe zitauma. Koma muli ku Lilongwe, ndipo pali zinthu zimene simunazione. Mwina mundawo sunalimidwe n'komwe, poti nthawi imene anzawo ankasosa ndi kuunga mizere, iwo anali kuchipatala ndi wodwala. Mwina anabwereketsa gawo la mundawo kwa munthu kuti apeze ndalama ya bokosi. Mwina atsibweni awo anawalonjeza kale feteleza, ndipo chimene chikuwasowetsa tulo ndi mwana amene wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi ya teremu yoyamba. Mukatumiza matumba awiri osafunsa, mwamangirira ndalama zanu zonse pa chinthu chimene mwina si choyamba, ndipo iwo sadzakuuzani kuti mwaphonya. Adzathokoza. Kenako adzasankha pakati pa kusunga matumbawo pakona mwana ali pakhomo, kapena kuwagulitsa mobisa pamtengo wotsika akuchita mantha kuti mudzamva n'kukhumudwa. Ndaonapo zonse ziwiri, ndipo pena abale anadzakangana pambuyo pake, wina akuti "tinathandiza koma anagulitsa", pamene cholakwa chinali chakuti palibe anafunsa.

Apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni ya thandizo lotchulidwa, makamaka kwathu kuno. Kukana mphatso ya mlamu n'kovuta kwambiri, ndipo mawu athu akuti "zikomo" amatha kutanthauza kulandira komanso kukana, malinga ndi mmene anenedwera. Munthu amene sakudziwa chimene akufuna amakhalanso wosavuta kumukankha, poti alibe maganizo ake olimba oti aimirepo. Mukabwera ndi dongosolo lanu lonse lokonzeka, adzavomera, ndipo pang'onopang'ono adzayamba kumva kuti nyumba yake ikuyendetsedwa ndi ena. Imfa yamulanda kale mphamvu pa chinthu chachikulu kwambiri. Tisamulandenso mphamvu yosankha tinthu tating'ono totsala. Mungadziwe kuti thandizo laphonya mukaona katundu ali pomwe munamusiya osatsekulidwa, mukamva kuthokoza kochuluka kopitirira kukula kwa chinthucho, mukaona kuti tsiku limene munagwirizana likumasunthidwa ndi zifukwa zatsopano nthawi zonse, kapena mukazindikira kuti ayamba kukuphikirani ndi kukusesera ngati mlendo wofunika kumusangalatsa. Chizindikiro chomalizachi chimandipweteka kwambiri ndikachiona, chifukwa ndiye kuti wothandiza wasanduka ntchito ina yowonjezera.

Nanga thandizo lotchulidwa bwino limaoneka bwanji? Limachokera pa chinthu chimene mwaona kapena mwamva, osati chimene mwangoganiza muli kutali. Limakhala ndi tsiku, chifukwa "ndidzabwera" wopanda tsiku sasiyana kwenikweni ndi "mundiuze". Limaonetsa malire ake, kuti wolandira asavutike kulosera za thumba lanu. Ndipo limasiya mpata wokana umene sufuna kulimba mtima. Njira imene ndaona kuti imathandiza kwambiri ndi kutchula zinthu ziwiri n'kumusiya munthu asankhe chimodzi. Zikakhala zisanu mwabwereranso ku pepala loyera lija, ndipo chikakhala chimodzi chokha munthu amaopa kuti akachikana wakana inuyo. Zikakhala ziwiri, amatha kukana chimodzi popanda kunena mawu akuti ayi. Mwachitsanzo munganene kuti, "Alamu, Loweruka likubwerali ndibwera m'mawa ndipo ndidzabwerera madzulo. Ndasunga ndalama yokwanira chinthu chimodzi mwezi uno: kulipira aganyu kuti amalize mizere, kapena fizi ya mwana wamkuluyu. Musayankhe lero, tidzaona limodzi ndikafika. Ngati pali china chimene chikukuvutitsani kuposa ziwirizi, ndalamayo ipita kumeneko." Taonani kuti khomo lotsekula lija likadalipo, koma labwera pamapeto, munthu atadziwa kale kukula kwa chimene mungathe. Akamva kuti mungakwanitse fizi ya teremu imodzi, amadziwa kuti kutchula malata awiri a denga si kupempha kopitirira.

Mawu akuti "musayankhe lero" musawadumphe. Pafoni munthu amayankha mwaulemu ndi mwachangu, akuganiziranso mayunitsi anu. Mukamupatsa masiku atatu kapena anayi, funso lanu limayenda naye kumunda ndi kuchitsime, ndipo mukafika mumapeza yankho litapsa.

Mukafika Lowerukalo, maso anu agwire ntchito yambiri kuposa pakamwa. Mukatha kupereka moni ndi kukhala nawo pang'ono, apempheni kuti akuperekezeni kumunda, ngati munthu amene akufuna kuona kumene achimwene ake ankalima. Kumeneko mudzaona nokha ngati mizere yaungidwa, ndi gawo lalikulu bwanji limene latsala. Pobwerera mudzadutsa pa nkhokwe kapena pamene asanja matumba, ndipo mudzadziwa kuti chimanga chinatha chochuluka bwanji podyetsa anthu pamaliro. Mabanja ambiri amadzidzimuka akawerenga, chifukwa masiku atatu a maliro amatha kudya chakudya cha mwezi wathunthu kapena kuposerapo. Yang'anani kudenga mukakhala m'nyumba. Funsani ana, osati amayi awo, kuti kusukulu anapita liti komaliza. Mukatha zimenezi mudzakhala ndi mafunso a inde kapena ayi okwanira, ndipo mudzawafunsa limodzilimodzi, osati onse nthawi imodzi ngati wolemba kalembera.

Tiyerekeze kuti mwapeza munda wa ekala imodzi, theka lake losalimidwa, chimanga chatsala matumba anayi, ndipo mwana wa Fomu 2 wakhala pakhomo sabata yathunthu. Apa dongosolo limadzionetsa lokha. Fizi ndiyo yoyamba, chifukwa tsiku lililonse limene mwana ali pakhomo silibwereranso, ndipo ndi chinthu chimene mungachimalize nokha Lolemba potumiza ndalama kusukulu n'kuwatumizira alamu anu umboni wake. Mizere ndiyo yachiwiri, chifukwa popanda mizere mbewu ndi feteleza zilibe kolowera. Apa mungagwirizane mtengo ndi aganyu pamaso pa alamu anuwo, koma ndalama muzisiye m'manja mwawo kuti alipire okha ntchito ikatha, poti aganyu ayenera kudziwa kuti mwini munda ndi iwowo. Mbewu ya ekala imodzi ndi pafupifupi makilogalamu 10, ndipo iyenera kukhala m'nyumba mvula isanagwe. Feteleza, amene munafuna kuyamba naye, wafika pachinayi, ndiponso safunika yense nthawi imodzi: thumba la wokulitsa limafunika pobzala kapena chimanga chikangomera, pamene la wobereketsa limadikira masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera. Ndiye kuti mungathe kugula loyamba mwezi uno, lachiwiri ndi malipiro a mwezi wotsatira, kapena kuuza mchimwene wanu wina kuti lachiwirilo likhale lake. Abale ambiri amene ananena "chilichonse" tsiku lija nawonso akungodikira wina wowatchulira chochita, ndipo mukawapatsa chinthu chimodzi chokhala ndi tsiku, ambiri amavomera.

Pali gawo limodzi limene ndikufuna muliyende mosamala kwambiri chifukwa chakuti ndinu mlongo wa malemu. Wamasiye amafunika chiphaso cha imfa kuti atsegule nkhani za ndalama za kubanki, za pafoni, kapena za penshoni ngati malemu anali pantchito, ndipo ulendo wopita ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma umamulemera munthu wachisoni amene sanazolowere maofesi. Ili ndi thandizo lalikulu limene iwo sangaliganizire okha. Koma mawu akuti "ndipatseni mapepala a achimwene ndikawasunge" kapena "ndikakutsatirani ndalamazo ine" amamveka mwanjira ina kwa mayi amene wamva nkhani zambiri za akuchimuna olanda chuma cha masiye. Khalidwe limeneli lakhalapo kwambiri m'dziko muno, mpaka lamulo la mu 2011 loona za chuma cha masiye linaika kulanda katundu wa womwalira kukhala mlandu. Ngakhale mtima wanu ndi woyera, mantha awo ali ndi maziko. Choncho nenani kuti, "Lachiwiri ndidzakuperekezani kwa bwanamkubwa, thiransipoti ndilipira ine, mapepala mugwira nokha, ndipo mutenge m'bale wanu mmodzi amene mumamukhulupirira." Thandizo ndi lomwelo, koma tsopano likulimbitsa dzanja lawo m'malo molowa m'malo mwake.

Mwina mudzafunsa kuti kodi chilichonse chiyenera kufunsidwa? Ayi. Pali tinthu tina timene timathandiza kwambiri tikachitika popanda kulengeza. Niall Bolger ndi anzake anafalitsa mu 2000 kafukufuku wa mabanja amene mmodzi mwa awiriwo ankakonzekera mayeso ovuta a zamalamulo ku New York. Tsiku ndi tsiku aliyense ankalemba payekha ngati wapereka kapena walandira chilimbikitso. Anapeza kuti masiku amene wina anathandiza koma wolemba mayesoyo sanazindikire kuti wathandizidwa, ndiwo ankatsatiridwa ndi mtima wopepukirapo, pamene thandizo loonekera silinkabweretsa mpumulo wotero. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimva: thandizo loonekera limamukumbutsa munthu kuti akulephera yekha, ndiponso limamusiyira ngongole yothokoza. Amayi a kumudzi amazidziwa bwino zimenezi. Amafika ngati akudzacheza, n'kutsuka mbale akukamba nkhani zina, n'kuchoka mitsuko itadzaza. Inunso mukapita, sopo, mchere, mafuta ophikira ndi makope a ana mungangozisiya m'nyumba popanda mwambo. Muyezo wake ndi uwu: chinthu chotsika mtengo, chimene aliyense amachigwiritsa ntchito, ndiponso chimene sichisintha dongosolo la nyumbayo, chitani osafunsa. Chinthu chodula, chokhudza munda, ana, mapepala kapena katundu wa malemu, chitchuleni ndipo mudikire chilolezo. Zovala za achimwene anu, ngakhale mutaona kuti zikungowakumbutsa chisoni, musazikhudze mpaka mabanja awiri atakhala pansi monga mwa mwambo.

Sindikunena kuti mawu akuti "mukafuna kanthu mundiuze" alibe ntchito. Amagwira bwino kwa munthu amene akudziwa kale chimene akufuna, monga mnzanu amene akukonzekera ukwati ndipo ali ndi ndandanda yake m'kope. Ameneyo mukamutchulira zanu mumangomusokoneza. Amagwiranso bwino pakati pa anthu amene anazolowerana kupemphana, monga mayi ndi mwana wake wamkazi. Ndipo kwa alamu anu adzagwira ntchito nthawi yake ikadzafika. Mukalonjeza Loweruka n'kufikadi Loweruka, mukalonjeza fizi n'kulipiradi, mukachita zimenezi kawiri kapena katatu, mawu aja amayamba kulemera, chifukwa tsopano akudziwa kukula kwa dzanja lanu ndiponso kuti simutopa nawo. Nthawi yomweyo mutu wawo udzakhala ukuyamba kukhazikika, ndipo zosowa zidzakhala zitadzionetsa zokha. Tsiku limene adzakuimbireni okha n'kunena kuti, "Alamu, feteleza mulekeni kaye, vuto ndi njinga yopitira kumsika," kapena tsiku limene adzakukanireni momasuka popanda kupepesa kasanu, mudzadziwe kuti zinthu zayenda bwino, ndipo kuyambira pamenepo muchepetse kutchula, muwonjezere kumvetsera. Anthu ena othandiza amalephera kusintha pa nthawi imeneyi, amapitiriza kukonzera munthu zonse ngakhale atayamba kuima yekha.

Chinthu china chimene chimapweteka kuposa kusathandiza ndi kulonjeza chotchulidwa n'kusachichita. Amene ananena "chilichonse" akapanda kuoneka, palibe amene amadabwa. Koma mukanena kuti fizi mulipira Lolemba, mayiyo amamuuza mwana kuti achape yunifolomu. Choncho tchulani chochepa chimene mukutsimikiza, ndipo kambiranani kaye ndi amuna anu za kuchuluka kwa ndalama ndi kwa miyezi ingati, kuti musadzabwerere m'mbuyo pakati pa njira. Ndi bwino kunena poyera kuti, "Teremu ino ndi yotsatira ndikwanitsa, za chaka cha mawa tidzakambirana mu Julayi," kusiyana ndi kuwasiya akuganiza kuti mwatenga mwanayo mpaka adzamalize sukulu.

Musaiwalenso kuti nthawi yanu ndi chinthu chimene mungachitchule chimodzimodzi ndi ndalama. "Ndizikuimbirani Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ngakhale palibe nkhani" ndi lonjezo lomveka, ndipo limachotsa mtolo wa mayunitsi ndi woyambitsa nkhani. Pa mafoni amenewo musafunse kuti "muli bwanji" basi, poti yankho mukulidziwa kale. Funsani kuti usiku wathawu anagona nthawi yanji, dzulo anadya chiyani, wamng'onoyo akufunsabe za bambo ake kapena ayi. Ndipo tchulani dzina la achimwene anu popanda mantha, chifukwa inunso mwaferedwa, ndipo pa anthu onse amene anawalonjeza thandizo, ndinu mmodzi mwa ochepa amene mukusowa munthu yemweyo amene iwo akumusowa. Mukamva kuti papita masiku angapo asakudya, sakudzuka kusamalira ana, kapena akunena mawu osonyeza kuti akufuna kutsatira malemu, pamenepo musatchulenso zinthu ziwiri zoti asankhe. Dziwitsani m'bale wawo wapafupi tsiku lomwelo, asasiyidwe okha, ndipo aperekezedwe kuchipatala.

Ndalama ya fetelezayo isungeni momwemo mpaka Loweruka. Aimbireni madzulo ano, atchulireni tsiku limene mufike ndi zinthu ziwiri zija, ndipo mukapita munyamule nsapato zoyendera kumunda.